Kalata yobwereka isokedwenso mpaka ikukwaneni

Pakati pa anthu athu amene akufunafuna ntchito za m'nyumba ndi za m'mafamu ku Joni, pali kalata imodzi imene yayenda mtunda wautali kuposa aliyense wa ife. Imachoka kwa mlongo kupita kwa mlamu pa WhatsApp, imamatidwa pa mabolodi a m'masitolo akuluakulu, ndipo imasindikizidwa m'timashopu ta makompyuta pa mtengo wa marandi ochepa. Imalembedwa m'Chingerezi, koma m'chinenero chathu imanena izi: "Ndine Mmalawi wokhulupirika, wolimbikira ndi woopa Mulungu. Ndimadziwa ntchito zonse za m'nyumba. Ndimakonda ana. Ndili ndi luso la zaka zisanu. Ndikhoza kugwira ntchito ina iliyonse, nthawi ina iliyonse, pa malipiro ena alionse." Chimene chimasintha kuchokera kwa munthu wina kupita kwa wina ndi dzina ndi nambala ya foni basi.

Sindikunyoza kubwereka. Munthu amene sukulu anailekera panjira, kapena amene Chingerezi ndi chinenero chake chachitatu, amachita mwanzeru akaona kaye mmene anzake analembera. Kalata yobwereka imaphunzitsa zinthu zofunika: poika tsiku, moni woyenera, kutalika kwake, ndi katsirizidwe kake. Mfundo yanga ndi yakuti tizibwereka maonekedwe okhawo, koma nkhani ya m'kati ikhale ya mwini wake. Chovala cha pa kaunjika sitichikana chifukwa chinavalidwapo ndi wina. Timapita nacho kwa atelala kuti achepetse m'chiuno ndi kupinda m'miyendo. Kalata nayonso iyenera kusokedwanso, chiganizo ndi chiganizo, kufikira itakwana munthu mmodzi yekha.

Chimene wolemba ntchito amafuna kudziwa

Taganizani za mayi amene walengeza kuti akufuna wothandiza pakhomo, ndipo pofika madzulo foni yake yadzaza ndi mauthenga. Akawerenga woyamba, mawu akuti "wokhulupirika ndi wolimbikira" amamveka bwino. Akafika pa wachisanu ndi mawu omwewo, ndondomeko yomweyo, ngakhale cholakwika cha kalembedwe chomwecho, amasiya kuwerenga. Sikuti akuganiza kuti nonse ndinu onama. Vuto ndi lakuti kalatayo sinamupatse chilichonse chosiyanitsira munthu ndi mnzake. Iye akufuna kupereka makiyi a nyumba yake, kapena kusiya mwana wake, kwa munthu amene sakumudziwa. Funso lake ndi limodzi: kodi munthuyu anagwirapo ntchito yonga yangayi, ndipo ndani angandiuze ngati n'zoona?

Mawu otamanda khalidwe sayankha funso limeneli, pakuti palibe wofuna ntchito amene analembapo kuti ndi waulesi. Chimene chimayankha ndi chinthu chimene chinachitikadi, chokhala ndi malo, nthawi ndi mboni. Munthu akalemba kuti anasunga makiyi a nyumba ya abwana ake kwa zaka zinayi ndipo ankatsala yekha pakhomo banjalo likapita ku tchuthi, wanena za kukhulupirika kwake popanda kutchula liwulo, ndipo wowerenga akhoza kuimba foni n'kufunsa.

Malonjezo amene simunawasankhe

Pali vuto lina lalikulu kuposa kusawerengedwa. Kalata yobwereka imabwera ndi malonjezo a munthu amene anailemba poyamba, ndipo mukaikapo dzina lanu malonjezowo asanduka anu. Chiganizo chakuti "nthawi ina iliyonse, pa malipiro ena alionse" chinalembedwa ndi munthu amene zinthu zinamuthina, ndipo aliyense wochikopera amayamba kukambirana za malipiro atagonja kale.

M'dziko la South Africa lamulo silikufunsani kugonja chotero. Kuyambira mu Marichi 2022, antchito a m'nyumba amayenera kulandira malipiro ochepetsetsa ofanana ndi a antchito ena onse, monga momwe zinakhalira kwa antchito a m'mafamu chaka cha 2021. Mu Marichi 2025 malipirowo anafika pa marandi 28 ndi masenti 79 pa ola, ndipo amaunikidwanso chaka ndi chaka. Lamulo silimalola kuti wantchito adzichotsere yekha ufulu umenewu, ngakhale atasaina. Komanso maola a ntchito a masiku onse sapitirira 45 pa sabata. Opitirira apo amalipidwa mwapadera. Komabe tonse tikudziwa kuti lamulo lili kutali ndi khitchini. Bwana amene wawerenga kuti mulandira chilichonse adzakupatsani chilichonsecho, ndipo tsiku limene mudzadandaule adzakukumbutsani kuti munalemba nokha.

Chimodzimodzinso ndi luso limene mulibe. Ngati kalata ikuti mumadziwa kuphika zakudya za Azungu, kapena muli ndi chiphaso choyendetsera galimoto, pamene zimenezo zinali za mwini kalata woyamba, bodzalo lidzaonekera sabata yoyamba. Kunama pofunsira ntchito ndi chifukwa chimene bwana angachigwiritse ntchito pokuchotsani, ndipo kumafoola mlandu wanu mukapita kukadandaula ku bungwe la CCMA. Makamaka chiganizo chonena kuti mapepala anu okhalira m'dziko ali bwino chisatsale m'kalata ngati si zoona. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la za ntchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito sichili bwino akadali wantchito pamaso pa lamulo. Chitetezo chimenecho musachidetse ndi bodza lolembedwa limene munangolitola kwa wina.

Kusoka kalata imodzi

Tiyerekeze mayi wa ku Ntcheu amene ali ku Johannesburg, ndipo walandira kalata ija kuchokera kwa mng'ono wake. Waona chilengezo cha banja lina limene likufuna munthu wosamalira gogo wa zaka 82 woyendera ndodo, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, woyendera kuchokera kwawo, ndipo pakhomopo pali galu.

Ntchito yake yoyamba si kulemba ayi, koma kufufuta. Awerenge chiganizo chilichonse n'kudzifunsa kuti: kodi mng'ono wanga angathe kusaina pansi pa chiganizo chimenechi osasintha kanthu? Ngati yankho ndi inde, chiganizocho si chake. "Wokhulupirika, wolimbikira ndi woopa Mulungu" chichoke. "Ndimadziwa ntchito zonse za m'nyumba" chichoke. "Ndimakonda ana" chichoke kawiri, chifukwa banjali silinatchule mwana aliyense. Kuchisiya n'kusonyeza kuti chilengezo chawo sanachiwerenge. Pomaliza kufufuta, patsala moni, dzina ndi nambala ya foni. Zimenezi zisamuchititse mantha. Chatsalacho ndi chimene chinali choyenera kubwereka.

Ntchito yachiwiri ndi kuyankhula. Anthu ambiri akagwira cholembera amaiwala zimene amadziwa, koma akamacheza ndi mnzawo amazifotokoza mosavuta. Choncho mayiyu akhale pansi ndi munthu womudziwa, amene amufunse m'Chichewa mafunso asanu: Munagwira kuti? Kuyambira liti mpaka liti? Pakhomopo panali ndani? Tsiku lanu linkayenda bwanji kuyambira m'mawa? Munachokapo chifukwa chiyani, ndipo ndani angakuchitireni umboni? Wofunsayo asalole yankho lakuti "ndinkagwira zonse". Azifunsabe kuti, zonse ziti?

Pochezapo zituluka izi. Mayiyu anagwira ku Randburg kuyambira Marichi 2019 mpaka Novembala 2023, pa banja la anthu anayi. Ankakonza m'nyumba, kuchapa ndi makina, kusita, ndi kuphikira ana chakudya cha masana. Banjalo linali ndi agalu awiri amene iye ankawadyetsa. Anachoka chifukwa banjalo linasamukira kunja. Ndipo, ngati chinthu chongodutsamo, atchulanso kuti asanabwere ku Joni anadwazika bambo ake kwa zaka ziwiri atafa ziwalo mbali imodzi: kuwasambitsa, kuwadzutsa pa bedi, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuwapatsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi pa nthawi yake. Iye sanaganizepo kuti imeneyi ndi ntchito, chifukwa panalibe malipiro. Koma kwa banja lofuna wosamalira gogo, chimenechi ndicho chinthu cholemera kwambiri pa zonse zimene wanena, ndipo palibe kalata yobwereka imene ikanachitulutsa.

Ntchito yachitatu ndi kusankha. Aike chilengezo cha banjalo pambali pa zimene wanenazo, ndipo chosowa chilichonse cha banjalo achipatse yankho limodzi. Gogo ayankhidwe ndi nkhani ya kudwazika. Galu ayankhidwe ndi agalu a ku Randburg. Masiku ayankhidwe ndi kuvomereza masikuwo ndi kutchula kumene akukhala, kuti aone kuti angathe kufika m'mawa. Zina zonse zidikire kalata ina. Zikatero kalatayo, ikanakhala m'Chichewa, ikanamveka chonchi:

"Ndaona chilengezo chanu chofuna munthu wosamalira mayi anu a zaka 82. Kuyambira 2016 mpaka 2018 ndinasamalira bambo anga kwathu ku Malawi atadwala sitiroko. Ndinkawasambitsa, kuwathandiza kudzuka ndi kuyenda, ndi kuwapatsa mankhwala pa nthawi yake. Sindine namwino ndipo sindinaphunzire za chipatala, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku ya munthu wofooka ndikuidziwa. Kuyambira Marichi 2019 mpaka Novembala 2023 ndinagwira pa banja la anthu anayi ku Randburg, kukonza m'nyumba, kuchapa, kusita ndi kuphikira ana. Anali ndi agalu awiri amene ndinkawasamalira. Ndinachoka chifukwa anasamukira kunja, ndipo mayi a pakhomopo avomera kuti muwafunse za ine pa WhatsApp. Ndimakhala ku Cosmo City ndipo ndingathe kufika 7 koloko m'mawa, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndingakondwere kukumana nanu kuti tikambirane za maola ndi malipiro."

Onani chiganizo chakuti "sindine namwino". Ambiri angachifufute poopa kuti chiwachepetsa. Ine ndikuti chisiyeni. Munthu wonena malire a luso lake amakhulupirika pa zina zonse zimene wanena, ndiponso amadziteteza kuti asadzapatsidwe ntchito yobaya jakisoni kapena kusintha mlingo wa mankhwala, imene si yake. Onaninso chiganizo chotsiriza. M'malo mopereka malipiro ena alionse, chikuika nkhani ya malipiro pa tebulo mwaulemu, ngati chinthu chimene anthu awiri akambirane.

Ntchito yachinayi ndi kuika mawuwo m'Chingerezi ndi kuwawerenga mokweza. Apa lamulo ndi lakuti liwu lililonse limene mwini kalata sangathe kulitchula, kapena kulimasulira atafunsidwa, lichoke. Wothandiza kulemba, kaya ndi mwana wa sukulu kaya ndi mnyamata wa pa shopu ya makompyuta, amakonda kukongoletsa. Musamulole. Bwana akaimba foni akufuna kumva munthu yemwe uja anawerenga kalata yake. Akamva Chingerezi chosiyana kotheratu, amayamba kukayika ngakhale zimene zinali zoona. Ndipo musanatumize, fufuzani zotsalira za mwini woyamba: dzina la tauni imene simunakhaleko, zaka zakubadwa zimene si zanu, liwu lachimuna pamene wolemba ndi mkazi, kapena dzina la bwana wina pa moni.

Kwa a m'mafamu

Amene amagwira m'minda anganene kuti kwawo ntchito imapezeka pa geti kapena kudzera mwa kapitawo, osati pa kalata. Kwa ntchito ya nyengo yokolola n'zoona nthawi zambiri. Koma munthu akafuna kuchoka pa ganyu wa miyezi itatu kuti alembedwe ntchito yokhazikika, kapena kulowa m'nyumba yolongedzeramo zipatso, kapena kuyang'anira gulu, pepala limafunika, ndipo njira yake ndi yomweyi.

Kalata yobwereka imati "ndimadziwa ntchito zonse za m'munda". Palibe manijala wa famu amene amakhulupirira zimenezo, chifukwa amadziwa kuti mbewu iliyonse ili ndi manja ake. Wodulira mphesa m'nyengo yozizira ku De Doorns ali ndi luso losiyana ndi wothyola maapulo pa makwerero ku Ceres, kapena wodula manachesi ndi sizasi ku Citrusdal, amene amadziwa kuti kamtengo kakatsala katali kamabaya zipatso zinzake m'thumba. Choncho tchulani mbewu, tchulani gawo la ntchito, tchulani nyengo zingati, ndi chida chimene munagwira. Ngati famu imodzi inakuitanani kawiri kapena katatu, lembani zaka zake, pakuti kuitanidwanso ndi umboni woposa chitamando chilichonse. Ntchito ya kwathu nayonso iwerengedwe: kuthyola tiyi ku Thyolo kumasonyeza liwiro ndi kuzolowera kulipidwa pa sikelo, ndipo kusankha fodya ku Kasungu kumasonyeza diso lozindikira magiredi, limene limafunika polongedza zipatso.

Zimene ena angatsutse

Wina adzati: kalata ija, ngakhale ili yofanana ndi za ena, inapezera ntchito anthu ambiri. Sindikukana kuti ena analembedwa ntchito atatumiza kalatayo. Koma mukawafunsa bwino, kawirikawiri mupeza kuti panali mlongo kapena mnzawo wa kutchalitchi amene anawatchula kwa abwana, ndipo kalata inangotsatira. Amene alibe womuyankhulira ndi amene amafunikira kwambiri kalata yoyankhula.

Wina adzati: Chingerezi changa n'chothyoka, ndiye kuli bwino ndibisale m'mawu osalala a wina. Apa ndi pamene akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wofuna wantchito wa pakhomo sakulemba mphunzitsi wa chinenero. Ziganizo zazifupi, zokhala ndi cholakwika apa ndi apo koma zonena zinthu zenizeni, zimamuuza zambiri kuposa ndime yokongola yopanda kanthu. Chofunika kulondola kotheratu ndi manambala: zaka, masiku, ndi foni.

Chitsutso chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi cha munthu amene anachoka moipa pa ntchito yake yakale, mwina atamanidwa malipiro, ndipo alibe bwana womuchitira umboni. Ameneyu sangalembe monga mayi wa ku Ntcheu uja. Komabe ali ndi pogwira. Ku South Africa, gawo 42 la lamulo la mu 1997 lokhudza mfundo zoyambira za ntchito limati wantchito aliyense akasiya ntchito ayenera kupatsidwa chikalata cha umboni wa ntchito. Chimatchula dzina lake, dzina ndi keyala ya bwana, tsiku loyamba ndi lotsiriza, mtundu wa ntchito ndi malipiro, ndipo chifukwa chochokera chimalembedwa pokhapokha wantchitoyo atapempha. Chikalatachi si mphatso ya bwana wokoma mtima, ndi ufulu. Pamene sichinapezeke, mboni ikhoza kukhala munthu wina amene anakuonani mukugwira ntchito, monga kapitawo wakale kapena banja limene munkaligwirira tsiku limodzi pa sabata, bola kalata inene moona kuti munthuyo ndi ndani kwa inu. Chimene sichiyenera konse ndi kupereka nambala ya m'bale kuti anamizire kukhala bwana. Mafunso awiri okha okhudza nyumbayo amaulula chinyengocho, ndipo mbiri yoipa imagwera ndi anzanu amene akubwera pambuyo.

Malire a kudziulula

Kalata yonena za inu si kalata youlula zonse za inu. Anthu ena akamva kuti alembe za moyo wawo amathira mavuto onse: ana amene athamangitsidwa ku sukulu, ngongole ya amene anawaolotsa, njala ya kumudzi. Mavutowo ndi enieni, koma m'kalata yofunsira ntchito amauza wowerenga kuti mulibe kothawira, ndipo wodyera anthu masuku pamutu amafuna munthu wotere. Lembani zimene manja anu achita, osati zimene mtima wanu wasenza.

Musaikemo nambala ya pasipoti kapena chithunzi chake, ngakhale nambala ya nyumba imene mukukhala. Dzina la dera ndi lokwanira. Kalata imene yatumizidwa pa foni kapena kumatidwa pa bolodi imafika kwa anthu amene simukuwadziwa, kuphatikizapo akathyali amene amaitanitsa ndalama yolembetsera ntchito imene kulibe. Mapepala amaonetsedwa maso ndi maso, mutatsimikiza kuti ntchitoyo ilipodi. Dzina ndi foni ya bwana wakale musazipereke musanamupemphe, ndipo za matenda kapena zinsinsi za banja limene munaligwirira zisalowe m'kalata. Wowerenga amaona mmene mukusungira za ena, n'kudziwa mmene mudzasungire zake.

Pomaliza, mawu kwa inu amene mumathandiza anzanu: atsogoleri a magulu a anthu a kumudzi kumodzi, a m'mipingo, a m'mabungwe a antchito, ndi aliyense amene foni yake ili ndi kalata imene anthu amaipempha. Munthu akakupemphani, musamutumizire kalata yanu yodzaza. Iye adzangosintha dzina, ndipo kalata yabwino ya mayi wa ku Ntcheu ikakopedwa kakhumi idzasanduka bodza kakhumi, ndi anthu khumi amene onse anadwazika bambo wa sitiroko. Mutumizireni chigoba chokha, chokhala ndi moni, mipata yopanda kanthu ndi mawu otsiriza, pamodzi ndi mafunso asanu aja. Kenaka mupatseni theka la ola, mumufunse mafunsowo pakamwa, ndipo mulembe zimene akuyankha m'mawu amene iye angathe kuwabwereza foni ikalira.